Thanki Ikamasefukira M'bandakucha, Musathamangire Kupinda Mkono wa Mpira

Thanki yamadzi yapadenga kapena yapansanja ikayamba kuvuta, kawirikawiri imasankha nthawi yake. Tsiku lonse imakhala phee, madzulo chimodzimodzi, koma cha m'ma 3 koloko m'bandakucha mumangomva madzi ali khwaa pamalata kapena pansi pa nsanja. Kukacha, wina amakwera makwerero, amatsegula chivundikiro, amaona mpira ukuyandama bwinobwino, kenako amagwira mkono wake ndi kuupindira pansi. Usiku wotsatira kulibe phokoso, ndipo aliyense amati vuto latha. Nthawi zina limakhala lathadi. Nthawi zambiri limakhala langobisika, ndipo kuti tione chifukwa chake tiyenera kuyamba tadziwa chimene chimatseka madzi m'kachipangizo kameneka.

Valavu ya mpira, imene mapulambala amaitcha bolovalavu, ndi yofanana ndi imene ili m'kathanki ka chimbudzi chogejemula, kungoti ya pathanki imakhala yokulirapo. Si nzeru yatsopano ayi: wansembe wina wa ku Mekisiko, José Antonio de Alzate, anafotokoza za chipangizo chotere m'chaka cha 1790. Madzi ochokera kumpope amalowa m'thanki kudzera pakabowo kakang'ono. Kutsogolo kwa kabowoko kuli kalabala, kaja amati washala. Madzi akamakwera m'thanki, mpira umakwera nawo, mkono umatukuka, ndipo nsonga ya mkonowo imakankhira kalabala pakamwa pa kabowo mpaka madzi atasiya kulowa. Wina akatsegula mpope m'nyumba, madzi amatsika, mpira umatsika, kalabala kamachoka pakabowo, thanki imayambanso kudzaza.

Apa pali ntchito ziwiri zosiyana. Mpira ndi mkono wake zimasankha msinkhu umene madzi ayenera kulekezera. Kalabala ndi kabowo ndiye zimatseka madziwo. Kupinda mkono kumasintha ntchito yoyamba yokha. Kalabala kakatha, kapena kamchenga kakakhala pakati pa kalabala ndi kabowo, mungapinde mkono mpaka uthyoke koma madzi azidonthabe.

Mphamvu imene mpira uli nayo ndi yochepa kwambiri. Mpira wamba wa valavu ya hafu inchi ndi wa masentimita pafupifupi 11 kupingasa kwake. Ukamira theka m'madzi, madziwo amaukankhira m'mwamba ndi mphamvu yosafika n'komwe pa theka la kilogalamu. Chimene chimauthandiza ndi kutalika kwa mkono, monga mmene mtengo wautali umathandizira munthu kutembenuza mwala umene sakanaugwedeza ndi manja: mphamvu yochepa ija imachulukitsidwa mwina kakhumi isanafike pakalabala. Mbali inayo, madzi a mumpope akukankha kuti atsegule, ndipo mphamvu yawo imadalira zinthu ziwiri, pulesha ndi kukula kwa kabowo. Kabowo kakakula kawiri kupingasa kwake, mphamvu ya madzi pakalabala imakula kanayi. N'chifukwa chake opanga mavalavu amenewa amapanga ena a kabowo kakang'ono, ka mamilimita pafupifupi 3, oyenera kumene madzi amabwera mwamphamvu, ndi ena a kabowo kokulirapo, ka mamilimita 6 kapena kuposerapo, oyenera kumene madzi amabwera mofooka. Ambiri pogula timangofunsa kukula kwa paipi, za kabowo sitifunsa.

Tsopano nkhani ya m'bandakucha ija ikumveka. Masana anthu onse a m'dera akutunga, kuchapa ndi kusamba, choncho pulesha m'mapaipi imakhala yotsika. Usiku onse akagona, pulesha imakwera. Nyumba za kumunsi kwa mtunda ndi zimene zimaimva kwambiri, chifukwa mamita 10 alionse amene madzi atsika amawonjezera mphamvu yokwana pafupifupi kilogalamu imodzi pamalo aakulu ngati chikhadabo. Mumzinda wa zitunda ngati Blantyre, nyumba ziwiri za m'dera limodzi zikhoza kukhala ndi mavuto otsutsana: ya kukhwawa thanki ikusefukira, ya pamtunda thanki siikudzaza.

Kuyesa ndi dzanja

Musanagwire sipanala kapena pulayala, pali kuyesa kumodzi kumene sikutenga mphindi. Kwerani nthawi imene madzi akulowa m'thanki. Ngati yadzaza kale, uzani wina atsegule mpope m'nyumba mpaka mpira utsike. Kenako tukulani mkono ndi zala, pang'onopang'ono, osakakamiza, uku mukuyang'ana pamene madzi amatulukira.

Madzi akasiyiratu, osadontha ngakhale pang'ono, ndiye kuti kalabala ndi kabowo zili bwino. Vuto lili kumpira kapena kumkono, ndipo apa ndi pamene kusintha msinkhu wa mpira kumathandiza. Madzi akachepa koma n'kumadonthabe ngakhale mkono mwaufikitsa pamapeto, mpira ulibe mlandu, valavu iyenera kumasulidwa. Ndiye pali yankho lachitatu limene limasokoneza anthu ambiri: valavu ili gwa, youma, koma madzi m'thanki akukwerabe. Tibwereranso kumeneko.

Titenge nyumba ya thanki ya malita 5,000, yopingasa mamita 1.8. M'thanki yotere sentimita imodzi ya kukwera kwa madzi ndi malita pafupifupi 25. Tinene kuti valavu imatseka madzi atatsala masentimita 4 kufika papaipi yotayira madzi osefukira. Mpata umenewo ndi malita 100. Kalabala katha, ndipo kakudutsitsa madzi okwana botolo la lita imodzi pa mphindi 3 zilizonse, kutanthauza malita 20 pa ola. Banja likagona 10 koloko usiku thanki itadzaza, pamafunika maola 5 kuti madzi odonthawo adzaze mpata uja. Ndiye 3 koloko m'bandakucha madzi ayamba kutayika.

Mwininyumba akapinda mkono kuti madzi azilekezera masentimita 8 pansi pa paipi yotayira, mpata ukhala malita 200, ndipo pafunika maola 10 kuti udzaze. Nthawi imeneyo isanakwane, ana asamba, mbale zatsukidwa, madzi atsika. Thanki siisefukiranso, koma kudontha kuli pomwepo. Tsiku limene banja lonse lidzapite kumudzi kumaliro kapena kuukwati, thanki idzataya malita 480 pa tsiku popanda woona. Choipa china n'chakuti madzi odutsa mopanikizika pakampata kakang'ono amadya mkuwa pang'onopang'ono n'kusema kangalande pakamwa pa kabowo. Zikafika pamenepo ngakhale kalabala katsopano sikatsekanso bwino, ndipo chimene chikanatha ndi kalabala kotchipa chimafuna valavu yonse.

Kusintha msinkhu wa mpira

Tinene kuti kuyesa kuja kwasonyeza kuti valavu imatseka bwino. Musanasinthe chilichonse, yang'anani mpirawo. Mpira wabwino umayandama pafupifupi theka lake lili kunja kwa madzi pamene valavu yatseka. Ukakhala womira kwambiri, umasuleni (umazungulira ngati nati kunsonga kwa mkono) ndi kuugwedeza pafupi ndi khutu. Mukamva madzi m'kati, wang'ambika. Wapulasitiki umakonda kung'ambika pamsoko wapakati kapena pamene mkono umalowera. Umenewo ndi wosintha basi. Podikira wina, tsekani madzi pavalavu yapansi, kapena pingasani ndodo pakamwa pa thanki ndi kumangirirapo mkono ndi chingwe kuti ukhale m'mwamba.

Yang'ananinso ngati valavu yaima mowongoka. Nati imene imaigwira pakhoma la thanki ikakhwefuka, valavu yonse imapendekeka, mkono umayenda chammbali m'malo mokwera molunjika, ndipo mphamvu yake imachepa. M'mathanki apulasitiki ozungulira pamwamba, mpira umathanso kugunda denga la thanki kapena m'mphepete mwa chivundikiro usanafike potseka. Zikatero mpira wamira, madzi akukwera, koma mkono ulibenso kokwerera.

Kasinthidwe kake kamadalira mtundu wa valavu. Ya mkono wamkuwa wopanda chosinthira, mkonowo umapindidwa. Tsekani kaye madzi. Njira yabwino ndi kuzula kapini kogwira mkono, kuutulutsa mkonowo ndi kuupindira kunja kwa thanki. Ngati mukupindira pomwepo, gwirani mwamphamvu ndi dzanja limodzi pafupi ndi valavu kuti mphamvu yanu isafike pakalabala kapena pakhoma la thanki, ndipo dzanja linalo lipinde chapakati pa mkono. Musagwire mpira popinda, chifukwa umang'ambika pakhosi. Kupindira pansi kumatsitsa madzi, kupindira m'mwamba kumawakweza, ndipo mpira ukatsika masentimita 2, madzinso amalekezera pafupifupi masentimita 2 m'munsi. Pindani pang'ono, yesani, kenako onjezerani ngati pakufunika. Mkuwa ukamapindidwa uku ndi uku umauma n'kuthyoka.

Mkono wapulasitiki supindidwa. Mavalavu otere amakhala ndi kasikuluwu pamene mkono umakumana ndi valavu, kogwidwa ndi kanati kake. Masulani kanatiko, lowetsani sikuluwu chakuvalavu kuti madzi azitseka msanga, kapena ibwezeni kuti thanki izidzaza kwambiri, kenako mangitsaninso kanati. Mukakaiwala, sikuluwu imabwerera yokha ndi kugwedezeka kwa madzi. Mitundu ina ili ndi nati ya mapiko imene imalola mpira kutsetsereka m'mwamba kapena pansi pa mkono, kapena imene imagwira mfundo yamanomano pakati pa mkono. Imeneyi ndi yosavuta, zala zokha zimakwanira.

Msinkhu woyenera ndi uti? Madzi azilekezera masentimita osachepera 2.5 pansi pa kamwa ka paipi yotayira, ndipo kumene pulesha imakwera kwambiri usiku ine ndingasankhe masentimita 5. Mpata umenewu uli ndi ntchito yake: pulesha ikakwera, madzi amakwera pang'ono, mpira umamira mowonjezera n'kupeza mphamvu yotsekera, zonsezo madzi asanafike potayikira. Apa kutsitsa mpira ndi mankhwala enieni, osati kubisa matenda. Koma ngati mpira ukufika pomira wonse kuti utseke, valavuyo siikugwirizana ndi pulesha ya panyumbapo. Pafunika ya kabowo kakang'ono, kapena mpira wokulirapo wa masentimita 15, kapena valavu yochepetsa pulesha pafupi ndi mita. Pakamwa pamene valavu imatulutsira madzi pazikhala pamwamba pa madzi nthawi zonse, osamira, chifukwa madzi akasiya kumpope paipi imatha kuyamwa madzi a m'thanki n'kuwabwezera m'mapaipi a anthu onse.

Mukamaliza, tsitsani madzi mpaka mpira ulendewere, tsegulani valavu yapansi ndi kudikira. Masentimita omaliza amachedwa chifukwa valavu imatseka pang'onopang'ono, choncho musaweruze msanga. Madzi akasiya, pisani ndodo yoyera kuchokera pakamwa pa thanki, ikani chizindikiro pamene yanyowera, ndipo mudzayesenso m'mawa anthu asanayambe kutunga. Mita yamadzi nayonso ndi mboni: mipope yonse itatsekedwa ndipo thanki itadzaza, kasingano kapena manambala ake ofiira sayenera kuyenda.

Valavu ikamadontha

Kumasula valavu yamkuwa ya hafu inchi si ntchito yoopsa. Madzi atatsekedwa, wongolani miyendo ya kapini ndi pulayala, kazuleni, chotsani mkono, masulani kachivundikiro ka kunsonga kwa valavu, ndipo kachitsulo kotsetsereka kamene kali m'kati katuluka. Kakakana, pisani sikuludilaiva pampata wa pansi pamene mkono umalowera ndi kukakankha. Samalani kuti tizinthu timeneti tisagwere m'thanki ya mamita 2 kuya kwake. Kumutu kwa kachitsuloko ndi kumene kuli kalabala. Kakakhala ndi mphako yozama yozungulira, kapena kouma kong'ambika, ikani kena. Pakasowa katsopano, kukatembenuza kuti mbali yosadyeka iyang'ane kabowo kumapereka masabata angapo. Pavalavu yapulasitiki pamakhala nati yaikulu yomasula ndi manja, ndipo m'kati muli labala yopyapyala yozungulira. Onetsetsani mbali imene yayang'ana musanaichotse, chifukwa ikaikidwa chagada siitseka.

Valavu ili yomasula choncho, phimbani pakamwa pake ndi kapu kapena dzanja, wina atsegule madzi pang'ono kwa masekondi ochepa kuti zinyalala zituluke. Nthawi zambiri chimene chimatuluka ndi mchenga, dzimbiri la mapaipi achitsulo kapena kachidutswa ka tepi yoyera yokulungira mazinga a paipi. Izi zimachuluka kumene madzi amasiyasiya. Akabwerera m'mapaipi ouma amabwera ndi mpweya, mothamanga, atatukula matope onse amene anakhazikika pansi, ndipo malo opapatiza oyamba amene matopewo amakumana nawo ndi kabowo ka valavu. Thanki ikayamba kuvuta tsiku lotsatira madzi atabwerera, ganizirani zinyalala musanaganizire china. Pisani chala pakamwa pa kabowo. Mukamva kangalande kapena pokumbika, sinthani kabowoko ngati n'kochotseka, apo ayi gulani valavu ina.

Nanga valavu youma ija, thanki n'kumasefukirabe? Nyumba zambiri zili ndi njira ziwiri za madzi: yochokera kumita molunjika ndi yochokera kuthanki, ndipo ziwirizi zimakumana penapake kuti mipope izigwira ntchito ndi madzi alionse amene alipo. Papaipi yotsika kuthanki pamayenera kukhala valavu yolola madzi kutsika kokha, osakwera. Ikasowa, kapena kamwala kakailepheretsa kutseka, madzi amphamvu a kumita amakwera m'paipi yotulukira n'kulowa m'thanki chapansi, kumene mpira ulibe ulamuliro. Kuti mutsimikize, tsekani valavu ya papaipi yotuluka m'thanki usiku umodzi. Kusefukira kukasiya, mwapeza gwero. Mipope yosakaniza madzi otentha ndi ozizira nayonso imatha kuchita zomwezi ngati mbali imodzi ikuchokera kumita ndipo ina kuthanki.

Thanki yosadzaza

Vuto ili limazindikirika mochedwa, mipope itauma kale. Funso loyamba ndi lakuti madzi akufika pavalavu kapena ayi. Kumene kuli mita yolipiriratu, yang'anani kaye ngati mayunitsi sanathe, musanakwere pachabe. Onaninso valavu yapansi: ya mtundu wa gudumu imathyoka m'kati, gudumu n'kumazungulira popanda mapeto pomwe chitseko chake chagwa n'kutseka njira. Kenako kumbukirani kuti mpope wapanja kutuluka madzi sikutanthauza kuti madziwo angakwere. Thanki ya pansanja ya mamita 6, kuphatikiza kutalika kwa thankiyo, imafuna madzi okwera mamita pafupifupi 8. Masana pulesha ikhoza kukwanira kudzaza ndowa pansi koma osafika pamwamba. Thanki yotere imadzaza usiku wokha, ndipo ngati valavu yake ndi ya kabowo kakang'ono, maola ochepawo sakwanira. Pamenepo mankhwala ndi valavu ya kabowo kakakulu kapena yokulirapo, ya mainchi atatu mwa anayi kapena inchi yathunthu, osati kupinda mkono.

Madzi akamafika koma osalowa, kankhirani mkono pansi ndi dzanja. Ukakhala wolimba kenako n'kumasuka mwadzidzidzi madzi n'kuyamba, ndiye kuti kachitsulo kotsetsereka kamamatira. Izi zimachitika kwambiri ndi madzi a pachitsime chobowola okhala ndi laimu wambiri, amene amasiya zoyerayera zolimba. Kaviikeni m'vinega maola angapo, kakwecheni ndi kanthu kosakanda kwambiri, ndipo musapakepo girizi wagalimoto kapena oyilo, chifukwa awa ndi madzi akumwa ndiponso mafuta otere amawononga labala. Mkono ukamatsika momasuka koma madzi n'kumangodontha, kabowo katsekeka. Kamasuleni ndi kukatsuka ndi madzi; kukachokocha ndi msomali kumakanda pakamwa pake, n'kusandutsa thanki yosadzaza kukhala yosefukira. Ndipo nthawi zina chifukwa chake ndi mankhwala akale aja: mkono unapindidwa kangapo pothamangitsa kusefukira, mpaka thanki imatseka isanafike n'komwe pamene iyenera.

Kumene madzi amakwezedwa ndi pampu yamagetsi nkhani imasintha. Valavu ya mpira ikatseka pampu ikugwirabe ntchito, pampuyo imangozungulitsa madzi omwewo, imatentha, ndipo ikhoza kupsa kapena kuphulitsa paipi, pokhapokha ngati ili ndi chozimitsira chimene chimamva pulesha. Pathanki yotere chofunika ndi siwichi yoyandama imene imazimitsa pampu madzi akafika pamwamba, ndipo kuilumikiza ndi ntchito ya wodziwa zamagetsi.

Pokwera, pansi pakhale wina wogwira makwerero, ndipo pamalata pondani pamzere wa misomali, pamene pali mitengo pansi pake. Musalowe m'thanki muli nokha. Onani pamene mawaya amagetsi adutsa musananyamule makwerero achitsulo. Mukadali pamwamba pomwepo, yang'anani paipi yotayira madzi. Iyenera kukhala yaikulu kuposa yolowetsa, kuti ithe kutulutsa madzi onse valavu ikakanika kotheratu, ndipo pakamwa pake pakhale kaneti kotsekereza udzudzu ndi abuluzi. Ena amaitseka ndi pulagi kuti phokoso lithe, zomwe zimangochititsa madzi kutulukira pachivundikiro n'kutsika m'mbali mwa thanki. Ena amailozetsa kungalande yobisika, kumene madzi amatayika miyezi popanda wodziwa mpaka bilu ifike. Malo abwino ndi poonekera, komanso patali ndi miyendo ya nsanja. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani 5, ndipo madzi ogwera pamalo amodzi usiku uliwonse amafewetsa nthaka ya pamaziko ndi kudyetsa dzimbiri chitsulo chimene chanyamula katundu yenseyo.